Batani Limodzi ndi Mabotolo Khumi

Aliyense amene anagwirapo ntchito m'nyumba zosamalira okalamba ku Mangalande amachidziwa chipinda chochezera cha masana. Mipando ikuluikulu yatsamira kukhoma, wailesi ya kanema ikudzilankhulira yokha pakona, ndipo anthu khumi ndi awiri akhala moyandikana koma aliyense ali kwayekha. Wina akusinza, wina akupinda ndi kufunyulula kansalu, wina maso ali pakhomo. Adya, amwa mankhwala, asamba. Chatsala ndi maola anayi oti adutse chakudya chamadzulo chisanafike.

Abale athu ambiri ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amalowa m'zipinda zotere tsiku lililonse, makamaka kuyambira mu 2022 pamene boma la Britain linatsegula khomo loti osamalira okalamba azichokera kunja. Kwathu kuno gogo sasowa chomudzutsa: mdzukulu walira, nkhuku yalowa m'nyumba, mlendo waodira. M'nyumba za kumeneko phokoso la pakhomo kulibe, ndiye pamalembedwa munthu amene ntchito yake ndi kukonza zoti anthu azichitira limodzi. Akadwala kapena akapita kutchuthi, ntchitoyo imagwera wosamalira amene ali pafupi, ndipo apa m'pamene munthu amazindikira kuti kuseweretsa anthu a zaka 85 ndi luso lapalokha.

Masewera amene anatchuka m'nyumba zimenezi mosayembekezereka ndi a pa kamakina kotchedwa Wii, kamene kampani ya ku Japan ya Nintendo inatulutsa kumapeto kwa 2006. M'maiko ambiri kankagulitsidwa pamodzi ndi chimbale cha Wii Sports chokhala ndi masewera asanu: tenisi, besibo, gofu, nkhonya ndi boling'i. Mwa asanuwo, okalamba anatola boling'i. Chaka cha 2007 chisanathe, nyuzi za ku Amereka zinali zitayamba kulemba za anthu opuma pantchito amene ankachita mipikisano ya masewerawa m'nyumba zawo zogonera. Makinawa anagulitsidwa oposa 100 miliyoni, ndipo ngakhale anasiya kalekale kupangidwa, mpaka lero mumawapeza m'makabati a nyumba za okalamba, ena ogulidwa pa kaunjika, ena osiyidwa ndi adzukulu amene anakula.

Amene sanaonepo boling'i akumbukire nsikwa. Mu nsikwa anthu amakhala pansi n'kumaponya kanthu kozungulira kuti kagwetse zitsononkho za anzawo. Boling'i ndi mbale wake: kumapeto kwa kanjira kosalala kwaima zinthu khumi zonga mabotolo, ndipo wosewera amagubuduza mpira kuti awagwetse. Pa Wii, kanjira ndi mabotolowo zili pa sikirini, ndipo m'manja mwa munthu muli rimoti yoyera imene imamva mmene mkono ukuyendera. Ukaugwedeza ngati ukuponya, mpira wa pa sikirini umapita.

N'chifukwa chiyani boling'i, osati tenisi? Yankho lake ndi nthawi. Mu tenisi mpira umabwera pa nthawi yake, ndipo ukachedwa pang'ono wakudutsa. Mu boling'i mpira umadikira. Agogo akhoza kukonza magalasi, kutsokomola, kufunsa kuti lero ndi lachingati, mabotolo ali chiimire. Palibe wotchi yowerenga, palibe mdani wothamangitsa. Anthu mpaka anayi akhoza kusewera ndi rimoti imodzi, kumapatsirana, ndipo zonse zimatheka munthu ali chikhalire. Komanso cholinga chake sichifuna kufotokoza: mabotolo aima, agwe. Ngakhale munthu amene mawu anayamba kumuthawa amaona kuti agwa, amamva kulira kwake, ndipo amadziwa kuti wagwetsa ndi iye.

Komabe masewera osavutawa ali ndi pamene amakolera, ndipo ndi pa batani limodzi. Kunsi kwa rimoti, pamene pamakhala chala cholozera, kuli batani lolembedwa B. Kuti uponye, umalidina, n'kuligwira chidinire pamene mkono ukupita kumbuyo, kenaka n'kulisiya pamene mkono ukudutsa kutsogolo. Kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri imeneyi si nkhani. Kwa munthu wokalamba ndi ntchito zitatu zimene ziyenera kulowana m'kanthawi kochepa, ndipo yachitatuyo, kusiya, ndiyo yovuta koposa. Dzanja limene lili ndi nyamakazi likagwira chinthu limachedwa kumasuka. Munthu amene mutu unayamba kuiwala amakumbukira kudina, poti wangouzidwa kumene, koma pofika kutsogolo malangizo achiwiri aja atuluka kale. Choipa china, batanilo lili kunsi, sakuliona. Ndipo ukauza munthu kuti "siyani tsopano", ena amasiya rimoti yonse, n'kuuluka kulunjika ku sikirini. N'chifukwa chake kachingwe ka pamkono sikoiwala. Ngakhale kwa achinyamata marimoti ankapulumuka m'manja, moti mu Disembala 2006 Nintendo inayamba kusinthira anthu tizingwe toyamba tija ndi tolimba.

Opanga masewerawa anadzaliona vutoli. Mu Wii Sports Resort, imene inatuluka mu 2009, boling'i ili ndi njira yoti mpira uzichoka wokha m'manja mkono ukafika kutsogolo, popanda kusamala za nthawi yosiyira batani. Chimbale chimenechi chimafuna rimoti yokhala ndi kachipangizo ka MotionPlus, choncho wogula za kaunjika ayambe wafunsa. Ndikanakhala ndine wosankhira nyumba ya okalamba, ndikanalipira kandalama kowonjezerako osadandaula, chifukwa kamachotsa chinthu chimodzi chimene chimagwetsa anthu ulesi pa tsiku loyamba.

Tiyeni titenge masana amodzi tiwayende bwinobwino. Pali anthu anayi ofuna kusewera. Mayi wina anali mphunzitsi, mutu uli bwinobwino koma maso ali ndi ng'ala. Bambo wina anachita sitiroko, mkono wamanja sugwira ntchito, ali pa njinga ya olumala. Mayi wachiwiri ali ndi matenda oiwalaiwala, aja achipatala amati dimensha. Bambo wachinayi ndi wamphamvu ndithu, amayenda ndi ndodo, ndipo sakonda kugonja.

Ntchito imayamba anthu asanalowe. Wosamalira wanzeru amayatsa makina yekha, amaona ngati mabatire awiri a m'rimoti ali ndi moto, amadutsa masamba onse ofunsa mafunso, amasankhira bambo wa sitiroko uja dzanja lamanzere, mpaka pa sikirini patsale kanjira ndi mabotolo basi. Mphindi zisanu zoti anthu akhale akuonera wosamalira akulimbana ndi mawaya zimakwana kuti awiri agone ndipo mmodzi anyamuke. Katani la pawindo loyang'anizana ndi sikirini litsekedwe, chifukwa kunyezimira kumene diso la wachinyamata limangokunyalanyaza kumaphimbiratu chithunzi kwa munthu wa ng'ala, ndipo dzuwa lolowa mwachindunji limasokonezanso kandodo kamene kamaikidwa pamwamba pa wailesi ya kanema kuti rimoti izilozera bwino. Wailesi ya nyimbo izimitsidwe. Makina othandiza kumva amakweza chilichonse, mawu a munthu ndi phokoso la mbale pamodzi.

Mipando ichoke kukhoma ipange kauta, kuti anthu aziona sikirini komanso azionana nkhope. Mpando woponyerapo ukhale wopanda potsamira mikono, kapena munthu asendere kumbali, apo ayi chigongono chimagunda thabwa mkono usanapite kumbuyo. Njinga ya bambo uja imangidwe mabuleki, ndipo ngati chotsamira mkono cha kumanzere chimachoka, chichotsedwe. Bambo wa ndodo adzafuna kuponya chiimire monga ankachitira kale. Apa wosamalira asachite manyazi: kuponya kumakankhira thupi kutsogolo, ndipo munthu woyenda ndi ndodo akagwa n'kuthyoka m'chiuno, masewera a mphindi khumi amasanduka miyezi ya kuchipatala. Onse aponye chikhalire, ndipo likakhala lamulo la onse, palibe amene amadziona wonyozeka.

Mphunzitsi uja ayambe, poti amamva malangizo msanga ndipo enawo aphunzira poona. Mpira wake woyamba ukhotera kumanzere n'kugwetsa mabotolo atatu. Si kulakwa kwake. Rimoti imamvanso kupotoka kwa dzanja, ndipo anthu ambiri oponya ndi dzanja lamanja amalipotoza pang'ono osadziwa. Kumuuza kuti awongole dzanja n'kutaya nthawi. Chofunika ndi kudina kamtanda ka pamwamba pa rimoti kuti kamunthu ka pa sikirini kasendere kumanja, mpira uzikhota n'kukafika pakati. Wosamalira achite zimenezi yekha asanapereke rimoti, ndipo akumbukire kuti mayiyu amafuna kusendezedwa motani.

Mayi woiwalaiwala uja akalandira rimoti amaitembenuza, kuiyang'ana, mwina kuiika kukhutu ngati foni. Kumufotokozera ndi mawu ambiri kumangomuonjezera mantha. Wosamalira akhale pambali pake, osati kumbuyo kumene sakumuona, aike dzanja lake kunsi kwa dzanja la mayiyo, chala chake chikhale pa B, ndipo agwedeze limodzi: kumbuyo, kutsogolo. Batani akudina ndi wosamalira, mkono ndi wa mayi. Ena amati kumeneku n'kunamiza munthu. Ine sindikuona choncho, malinga ngati mphamvu yoponyerayo ndi yake. Kawirikawiri pofika ulendo wachitatu kapena wachinayi mkono umayamba kutsogola wokha, chifukwa thupi limasunga mayendedwe ngakhale pamene mutu wasiya kusunga mayina. Mawa adzakhala ataiwala kuti anasewera, koma mkono udzagwira msanga kuposa lero.

Nthawi zina munthu amasiya batani mkono uli kumbuyo, mpira n'kuulukira kwa tianthu toonerera ta pa sikirini, ito n'kudumpha ndi mantha. Chipinda chonse chimaseka. Kuseka kumeneku kuli pawiri, ndipo wosamalira ayang'ane nkhope ya woponyayo. Ngati akuseka nawo, zili bwino. Ngati wakhwinya milomo n'kuika rimoti pamiyendo, wosamalira aitenge n'kulakwitsa dala iye mwini, kuti chitonzo chisamuke.

Tsopano kuwerengera nthawi, kumene ambiri sachita. Masewera athunthu a boling'i ali ndi zigawo 10, ndipo m'chigawo chilichonse munthu amaponya mpaka kawiri, kupatula chomaliza chimene akhoza kuponya katatu. Anthu anayi ndiye kuti aponya pafupifupi maulendo 80. Ngati kuponya kulikonse kukudya theka la mphindi, ndi mphindi 40, tisanawerengere kumanga ndi kumasula kachingwe pamkono uliwonse. Ola lathunthu limatha. Ndipo pa ola limenelo munthu aliyense akusewera gawo limodzi mwa magawo anayi, kotsalako akudikira. Bambo wosakonda kugonja uja apirira chifukwa akuwerenga mapointi. Mayi woiwalaiwala sapirira: pofika chigawo chachinayi wayamba kufunsa za basi yopita kwawo. Palibe lamulo loti masewera athe. Gwirizanani poyamba kuti tiponya zigawo zisanu, ndipo zikakwana, tiyi abwere anthu akadali ndi chilakolako. Ndi bwinonso kusewera m'mawa kapena chakudya chamasana chitatsika, chifukwa ambiri odwala matenda oiwalaiwala amasokonezeka kwambiri dzuwa likamapendeka.

Nanga mapointi? Apa m'pamene nkhani ya zilembo ikulowera. Makina amawerenga okha, koma amalemba m'timabokosi ting'onoting'ono, ndipo kawerengedwe kake n'kozungulira: ukagwetsa mabotolo onse ndi mpira umodzi umalandira 10 kuphatikiza zimene ugwetse pa mipira iwiri yotsatira, n'chifukwa chake katswiri amafika 300. Kwa anthu anayi athu aja, manambala amenewa ndi nyerere zoyenda pakhoma.

Kukula kwa zilembo sikoyerekeza ndi maso, kuli ndi masamu ake. Bungwe la ku Britain loona za anthu osaona bwino, la RNIB, limati zilembo zikuluzikulu papepala zimayambira pa saizi 16, imene ndi pafupifupi mamilimita 6. Koma pepala limagwiridwa pafupi, mwina masentimita 40 kuchokera kumaso. Munthu amene wakhala mamita atatu kuchokera pa sikirini ali kutali kasanu ndi kawiri ndi theka, choncho kuti chilembo chioneke kwa iye monga chija cha papepala, chiyenera kukula kasanu ndi kawiri ndi theka: masentimita anayi ndi pang'ono, pafupifupi m'lifupi mwa zala ziwiri kapena zitatu. Tengani rula muyeze manambala a pa wailesi ya kanema. Ambiri safika. Ndipo diso lokalamba silingofuna kukula kokha. Kamboni kamachepa, galasi la m'diso limachita chikasu, moti kuwala kofika mkati mwa diso la munthu wa zaka 60 kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kumene kumafika kwa wa zaka 20. Mitundu ya buluu ndi yobiriwira imayamba kufanana, ndipo zilembo zotuwa pamalo oyera, zimene okonza mapulogalamu amakono amazikonda, zimangosungunuka.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo moseketsa: bolodi loyera ndi cholembera chakuda chonenepa. Lembani mayina anayi ndi zilembo zotalika ngati chikhatho, ndipo muziwerenga mabotolo ogwa basi, osasamala za makina. Wagwetsa 7, lembani 7. Zolembera zofiira ndi zobiriwira zisiyeni m'bokosi. Bolodi lili ndi ubwino wina umene sikirini ilibe: limafuna munthu wolemba. M'chipinda chilichonse mumakhala wina amene amakana kusewera, amati zimenezi ndi za ana. Musamukakamize, ndipo mwina akunena zoona pa iye mwini. Munthu amene anayendetsa ofesi zaka makumi atatu ali ndi ufulu wokana kugwedeza rimoti. Koma m'funseni ngati angathandize kuwerenga, poti inu masamu amakuvutani. Amene anali wowerengera ndalama sangapirire kuona wina akuphonya 8 kuphatikiza 9.

Masamu omwewa amagwiranso pa bingo, masewera akale a m'nyumba zimenezi. Bingo ya ku Britain ili ndi manambala 90, ndipo khadi lililonse lili ndi manambala 15 m'mizere itatu. Makadi ogula m'sitolo ndi aang'ono. Kuwakulitsa pa makina okopera mpaka khadi limodzi lidzaze pepala lonse kumabwezera m'masewera anthu amene anali atasiya. Woitana atchule nambala kawiri, aikweze m'mwamba yolembedwa, ndipo adikire mpaka mutu womaliza udzuke.

Pali chikhulupiriro chakuti okalamba azipatsidwa masewera amene ankawadziwa kale. Chili ndi nzeru, koma sichigwira nthawi zonse. Ofufuza a ku yunivesite ya Sheffield anapatsa anthu odwala matenda oiwalaiwala masewera awiri pa tabuleti: a makadi amene ambiri ankawadziwa, otchedwa Solitaire, ndi ena achilendo ongophulitsa timipira pogogoda ndi chala. Ambiri anatha kusewera achilendowo paokha, pamene a makadi aja anakanika ochuluka. Kudziwa masewera papepala sikutanthauza kuti chala chidziwa chochita pagalasi. Tabuleti ilinso ndi misampha yake: chala chouma nthawi zina sichimveka, chala chonjenjemera chimadina kawiri, ndipo chikhatho chotsamira m'mphepete chimatseka masewera. Pa iPad pali Guided Access, imene imatsekera munthu m'pulogalamu imodzi kuti asasochere. Komabe tabuleti ndi ya anthu awiri, mwina atatu. Wachinayi amangoona misana.

Kwa anthu amene matenda afika patali, oti ngakhale dzanja la wosamalira kunsi silithandizanso, ku Netherlands anapanga china. Hester Le Riche, pochita maphunziro ake apamwamba pa yunivesite ya ku Delft, anafufuza mmene angadzutsire anthu amene amangokhala duu tsiku lonse, ndipo mu 2015 munatuluka Tovertafel, kutanthauza tebulo lamatsenga. Ndi bokosi lopachikidwa kudenga limene limawalitsa zithunzi patebulo wamba n'kumaona mmene manja akuyendera. Masamba a mitengo amagwera patebulo, ukawakankha amabalalika; nsomba zimathawa dzanja. Palibe batani, palibe chogwira, palibe kulephera. Chanzeru chake n'chakuti kuwalako kumayamba kokha kuyenda, kumaitana munthu, m'malo modikira kuti iye ayambe. Mtengo wake ndi mapaundi masauzande angapo, ndipo ngakhale chimenechi chikasiyidwa choyaka popanda wosamalira wokhala nawo patebulo, anthu amachiyang'ana mmene amayang'anira wailesi ya kanema ija.

Ogulitsa zipangizo amakonda kunena kuti masewera otere amanola ubongo. Wachibale asayembekezere kuti boling'i ibweza kukumbukira kwa mayi ake. Matenda oiwalaiwala amapitabe patsogolo. Zimene wosamalira angaone ndi maso ake n'zazing'ono ndipo n'zoyezeka: kodi bambo uja anakweza mkono wamanzere kufika pati, kodi mayi uja anakhala mphindi zingati asanafunse za basi, kodi ndani anatchula mnzake dzina. Zizindikiro zoti zinthu zalakwika nazonso zimaoneka: wina akusisita phewa, wina akuyang'ana pansi nthawi yake ikafika, kapena wosamalira yekha ndiye akuomba m'manja ndi mawu aja olankhulira mwana wakhanda, amene okalamba amadana nawo ngakhale sanena.

Pa mawu olankhulirapa, ife ochokera kuno timapunthwa mwa njira yathu. Lilime limakana kutchula munthu wa zaka 90 dzina lake loyamba, pamene kumeneko ambiri amafuna zomwezo, ndipo kumutcha gogo munthu amene si gogo wako ena amakuona ngati chipongwe. Dzina loti lilembedwe pa bolodi lija afunsidwe mwini wake.

Zigawo zisanu zikatha, mphunzitsi ali ndi 31, bambo wa dzanja lamanzere 34, mayi woiwalaiwala 28, ndipo wosakonda kugonja uja ali ndi 33 ndipo akuti rimoti inali yokondera. Bolodi lisafufutidwe. Lisiyidwe pamene lili mpaka mawa, kuti mwana wa mayi uja akabwera kudzaona amayi ake madzulo, apeze dzina lawo pakhoma ndi nambala pambali pake, akhale ndi chofunsa china kupatula chakuti mwadya chiyani. Wosamalira achotse mabatire m'rimoti asanaibweze m'kabati, chifukwa akakhalitsa amatuluka madzi n'kudya tizitsulo ta mkati.